Avomere kapena akane? Mnyamata wa zaka 15 ali m'chitokosi

"Ndimakhala ku Bangwe ndipo ndikulera mwana wa malemu mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 15, ali Fomu 2. Dzulo madzulo amugwira ku Limbe pamodzi ndi bambo wina wa zaka 24 pa nkhani ya foni yomwe inabedwa mushopu. Wapolisi wina wandiuza kuti mwanayo akavomera, nkhani ikhoza kutha osafika kukhoti, akuti dayiveshoni. Anzanga akuti asayerekeze kuvomera, akathera ku Chichiri. Chinanso, poti ndi wathupi, papepala amulemba zaka 18. Kodi mlandu wa mwana umasiyana bwanji ndi wa munthu wamkulu, nanga ndimuuze kuti avomere?" Mayi wa ku Bangwe

Mayi, pepani kwambiri ndi zomwe zakugwerani. Nkhani ya kuvomera tiifika, koma m'mawa uno musayambire pamenepo. Yambirani pa 18 walembedwa papepalayo, chifukwa zonse zimene ndikuuzeni m'munsimu zimagwira ntchito pokhapokha boma litavomereza kuti amene lamugwirayo ndi mwana.

Kuyambira mu 2017, pamene aphungu anasintha Malamulo aakulu a dziko lino, mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la 2010 linalembedwa likutchula zaka 16, ndiye nthawi zina mumakumana ndi munthu wokuuzani kuti wa 16 kapena 17 ndi wamkulu kale. Ameneyo watsalira, Malamulo aakulu ndiwo amaposa lamulo lina lililonse. Wanuyo ndi wa 15, ndiye kulikonse kumene mungayang'ane ndi mwana. Koma fayilo ikangopita kukhoti ili ndi 18, amuimika limodzi ndi bambo uja pamaso pa majisitireti wa milandu ya akuluakulu, awawerengera mlandu, ndipo belo ikavuta onse awiri akwera galimoto imodzi. Kukonza zaka munthu ali kale kundende n'kotheka, koma kumatenga masabata. Kukonza lero, fayilo idakali patebulo la wapolisi wofufuza, kumatenga mphindi zochepa.

Tengani pepala lililonse lokhala ndi tsiku lake lobadwa. Chiphaso cha kubadwa ndicho champhamvu, koma ana ambiri amsinkhu wake alibe. Buku lakusikelo kapena lakuchipatala limathandiza, kalata ya ubatizo imathandiza, kalata ya ahedi yotsimikiza zomwe zili m'kaundula wa sukulu imathandizanso kwambiri, makamaka ikagwirizana ndi zomwe zinalembedwa polembetsa mayeso a Sitandade 8. Pangitsani fotokope, kope ndiyo musiye kupolisi, chenichenicho muzingoonetsa n'kubwerera nacho. Apolisi sakayikira zaka chifukwa cha nkhanza nthawi zonse ayi. Amakumana ndi anyamata a ndevu zometa odzitcha a 16, komanso ana enieni amene amadzikweza zaka kuti asaoneke ofooka pakati pa anzawo. Pakasowa pepala, wa ofesi ya zachisamaliro cha anthu, amene ambiri timangoti a sosho, amayerekeza zaka pofunsa mwana ndi abale, ndipo majisitireti akhoza kutumiza mwanayo kwa dokotala. Dokotala sangatchule tsiku, amangonena kuti ali pakati pa zaka zakuti ndi zakuti. N'chifukwa chake pepala lakale long'ambika limaposa thupi la mwana.

Mukafika, funsani wapolisi woona za chitetezo cha ana, kapena pitani kunthambi yothandiza ozunzidwa, akulozerani. Muwafunse kuti mwanayo wagona ndi yani. Lamulo likuti mwana asasungidwe pamodzi ndi akuluakulu, asamangidwe unyolo pokhapokha atamangiriridwa kwa wapolisi amene wamugwirayo, apatsidwe chakudya ndi chithandizo cha mankhwala ngati akudwala, ndipo kholo kapena womulera adziwitsidwe msanga. Akamamufunsa mafunso, inu kapena munthu wina wamkulu womuimira mukuyenera kukhalapo. Womulera ndinu, simukufunika kukhala mayi womubereka kuti akulowetseni. Pa mlandu ngati wa foni, chinthu choyamba kupempha n'chakuti amutulutse akhale m'manja mwanu, inu mulonjeze kubwera naye tsiku lomwe akufunika. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akatchula ndalama, pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo.

Tsopano kusiyana kwake. Bambo wa zaka 24 uja njira yake ndi yodziwika: pasanathe maola 48 aonekere kukhoti, amuwerengere mlandu, avomere kapena akane, mboni zibwere, akapezeka wolakwa alandire chilango. Mlandu wa kuba wamba chilango chake chimafika zaka 5 kundende. Funso la khoti pa iye ndi lakuti, kodi anachita, nanga alipire bwanji. Pa mwana palinso maola 48 omwewo, koma kumene akupitako si kukayankha mlandu. Akupita ku kafukufuku woyambirira, amene majisitireti amachita mwana asanafunsidwe n'komwe kuti akuvomera kapena akukana. Pamenepo pamakhala mwanayo, inuyo, woimira boma pa mlandu, ndi wa sosho amene amayenera kubwera atacheza kale ndi mwana n'kulemba lipoti la moyo wake: amakhala ndi yani, sukulu akupita kapena ayi, anagwidwapo kale kapena aka n'koyamba. Zimene majisitireti akufuna kudziwa n'zakuti zaka zake n'zingati, umboni ulipo wokwanira kapena ayi, nkhaniyi ingathe kupatutsidwa osazengedwa, ndipo podikira zonsezi mwanayo azigona kuti. Maola 48 akathera pa Loweruka kapena Lamulungu, ndiye kuti tsiku loyamba lomwe khoti latsegula.

Nkhani ikakanika kupatutsidwa imapita kubwalo la milandu ya ana, ndipo kuno ku Blantyre lilipo. Anthu ongobwera kudzamvera salowa. Oweruza ndi maloya savala mikanjo, apolisi savala yunifomu, ndipo mwana akatopa amapumira. Nyuzipepala kapena wailesi siziloledwa kutchula dzina lake, kumene amakhala, sukulu yake, kapena kutulutsa chithunzi chake. Ngakhale umboni utamugwira, chigamulo sichilembedwa kuti wapezeka wolakwa ndipo walandira chilango ngati mmene amalembera wamkulu. Chimalembedwa kuti bwalo lapeza kuti iye ndiye anachita, kenaka bwalo limapereka lamulo la zoti zichitike naye. Ndipo lamulo la 2010 lija likunena mosapita m'mbali kuti mwana asaikidwe m'ndende pa mlandu wina uliwonse. Kumene angatumizidwe zikavuta kwambiri ndi kumalo osinthira ana khalidwe, ku Mpemba kuno ku Blantyre kapena ku Chilwa ku Zomba. Kugwidwa limodzi ndi wamkulu sikumulanda zonsezi. Mwa lamulo milandu yawo imayenera kulekanitsidwa, pokhapokha pakhale chifukwa chachikulu chowazengera pamodzi, ndipo ngakhale zitatero mwanayo amasungabe ufulu wake ngati mwana.

Anzanu otchula Chichiri aja sakulota. Ana akhala akupezeka m'ndende m'dziko muno, ena chifukwa cha zaka zolembedwa molakwika, ena chifukwa malo osungira ana ndi ochepa. Mu 2018 bwalo lalikulu kuno ku Blantyre linachita kulamula kuti ana amene anali kundende za Bvumbwe ndi Kachere achotsedweko apite kumalo oyenera ana. Ndiye mantha awo ali ndi pochokera. Kungoti chimene chimafikitsa mwana kumeneko kawirikawiri si kuvomera, ndi 18 uja komanso kusowa munthu wamkulu womulondola.

Dayiveshoni ndi kupatutsa mwana panjira ya kukhoti kuti akonze chimene analakwa mwa njira ina, ndipo akamaliza nkhani imatsekedwa osazengedwa. Ikhoza kuchitika malo atatu. Kupolisi, wapolisi wa udindo wa sabu-insipekitala kapena kuposera apo ali ndi mphamvu yochenjeza mwana n'kumumasula, mwina pomupatsa zoti atsatire, ngati mlandu si waukulu. Pa kafukufuku woyambirira uja, majisitireti akhoza kupatutsa woimira boma akagwirizana nazo. Ndipo ngakhale mlandu utayamba kale kubwalo la ana, mpata umakhalapobe. Koma paliponse pa malo atatuwa pali zinthu zimene ziyenera kukwanira. Mwana avomere yekha kuti anachita, popanda womukakamiza kapena womunyengerera, ndipo akhale atauzidwa kuti ali ndi ufulu wokhala chete. Umboni ukhalepo wokwanira kuti boma likanatha kumuzenga. Iye ndi womulera afotokozeredwe chimene akulowa, n'kuvomereza. Ndipo mlanduwo usakhale mwa milandu ikuluikulu imene lamulo linaiika padera, monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza.

Zachiwiri ndi zomalizazo anthu saziganizira, koma kwa inu n'zofunika kuposa zonse. Tiyambe ndi umboni. Dayiveshoni sinapangidwe kuti ipulumutse fayilo yofooka. Ngati apolisi alibe chilichonse chomulumikiza mwanayo ndi foniyo kupatula kuti anapezeka ataima pafupi ndi bambo uja, yankho lolondola si kumupatutsa, ndi kumumasula basi. Ndaonapo kangapo mwana akuuzidwa kuti "ingovomera uzipita kwanu", iye ndi njala ndi mantha a usiku wam'chitokosi n'kuvomera chinthu chimene sanachite. Amapitadi kwawo, koma amapita ndi dzina la wakuba, amakakamizika kupepesa munthu amene sanamulakwire, ndipo tsiku lina akadzagwidwa pa nkhani ina fayilo imanena kuti anapatsidwapo kale mwayi. Mwana wotere pulogalamu samaliza bwino, chifukwa mumtima amadziwa kuti akulipira ngongole ya wina.

Ndiye musanamuuze chilichonse, pemphani kucheza naye panokha, ndipo musamufunse kuti "unaba kapena sunabe?" Funso limenelo ana onse amayankha mofanana. Mufunseni kuti akufotokozereni tsiku lonse kuyambira pamene anachoka pakhomo. Anakumana naye kuti bamboyo, anamuuza chiyani, mushopu analowa ndani, iye anaima pati, foni inafika bwanji m'manja mwake ngati inafika, analonjezedwa zingati. Mvetserani osamudula, osakalipa, kukalipa mudzachitira kunyumba. Pa zimene anene mudzapeza chimodzi mwa zinthu izi. Mwina sanadziwe kanthu, anangotumidwa kuti "tandigwirira iyi" kapena anangoperekeza munthu wodziwana naye. Pamenepo palibe chovomera. Mwina anaima pakhomo kuyang'anira kapena kucheza ndi mwini shopu kuti mnzakeyo atole bwino. Ana ambiri amakhulupirira ndi mtima wonse kuti poti dzanja lawo silinagwire ndiye sanabe, koma lamulo limatenga wothandizira ngati wakuba yemwe. Kapena mwina analandira foniyo pambuyo pake akudziwa kuti ndi yobedwa, kuti akaigulitse kapena kuibisa, umene ndi mlandu pawokha. Pa ziwiri zomalizazi, ngati umboni ulipodi, ine malangizo anga ndi oti avomere chimene anachitacho, chokhacho, osawonjezera za mnzake, ndipo avomere inu mulipo.

Onetsetsaninso dzina la mlandu umene walembedwa. Kutola foni pakauntala mwini atatembenuka ndi kuba wamba, ndipo kumapatutsidwa. Koma ngati pothawa bambo uja anakankha kapena kumenya munthu, kapena anaonetsa mpeni, fayilo ikhoza kulembedwa kuba moopseza kwa onse awiri, ndipo khomo la dayiveshoni limatsekeka. Mwana akavomera pamenepo poganiza kuti akupita kunyumba, wavomera mlandu waukulu popanda chobweza. Sitetimenti imene wasaina imakhala mufayilo ndipo woimira boma akhoza kudzaitulutsa kubwalo. Choncho funso loti mufunse wapolisi uja mwaulemu ndi ili: "Bwana, mlandu mwaulemba kuti chiyani, nanga amene avomereze kupatutsaku ndi ndani?" Akakuyankhani momveka, n'kutchula mkulu wake kapena tsiku la kwa majisitireti, zili bwino. Akamazungulira, mwana asasaine kanthu kufikira mutapeza wokuthandizani. A Ligo Edi, ofesi ya boma yopereka maloya kwa osowa, ali ndi ofesi mu Blantyre, ndipo maparaligo a bungwe la PASI, anthu ophunzitsidwa kuthandiza pa nkhani za malamulo ngakhale si maloya, amayendera mapolisi ndi makhoti. Sitetimenti nthawi zambiri imalembedwa m'Chingerezi, ndiye uzani kuti amuwerengere m'Chichewa mzere ndi mzere asanaike dzina.

Kuti muone mmene zimayendera zikayenda bwino, ndikufotokozereni nkhani ina yofanana ndi yanu imene ndinaigwirapo ndili ku sosho. Zina ndasintha kuti mwanayo asadziwike. Anali mnyamata wa zaka 14, woleredwa ndi agogo ake aakazi ogulitsa mandasi. Anatola foni ya mayi wina wogulitsa kaunjika pamene mayiyo ankatsatsa malonda, foni ya K120,000, n'kukaigulitsa K45,000 kwa wokonza mafoni. Apolisi anaipeza, koma galasi litasweka. Mwanayo anavomera agogo ake alipo, umboni unali poyera poti wokonza mafoni anamuloza, ndipo aka kanali koyamba. Majisitireti anapatutsa nkhaniyo n'kutiuza kuti tikumanitse mbali ziwirizo.

Tinakhala anthu asanu m'kaofesi kakang'ono, mayi wodandaula atakumbatira chikwama pamiyendo, mnyamata maso ali pa masilipasi ake. Mayiyo anayamba ndi K200,000. Anati foni yawonongeka, masiku awiri sanagulitse, mayendedwe a kupolisi, ndiponso manyazi. Agogo aja anangoti kukamwa yasa, ndalama imeneyo mandasi sangaitulutse ngakhale pa miyezi ingapo. Apa ndi pamene ntchito ya mkhalapakati imaonekera. Wodandaula ali ndi ufulu womvedwa ndi wobwezeredwa, koma dayiveshoni si msika, ndipo siyenera kukhala chinthu chimene mwana wa olemera amagula pamene wa osauka akupita kukhoti. Tinatuma munthu kukafunsa mtengo wa galasi, anabwera ndi K30,000. Kenaka ndinapempha mayiyo kuti auze mnyamatayo, osati ine, chimene chinachitika tsiku limene foni inasowa. Anafotokoza kuti mufonimo munali manambala a makasitomala ake onse, ndi kuti usiku umenewo mwana wake anadwala iye n'kusowa poimbira. Mnyamata uja, amene kufikira pamenepo ankangoti "ndalakwa" ngati wowerenga pabolodi, anayamba kulira. Kupepesa kumene kunatsatira kunali kwina.

Tinagwirizana zinthu zowerengeka, zonse za miyezi itatu, n'kuzilemba. Banja lipereke K30,000 m'magawo atatu a K10,000, ndipo mnyamatayo azithandiza agogo ake kukazinga Loweruka kuti thukuta lake likhalemo m'ndalamayo. Azipita kusukulu tsiku lililonse, aphunzitsi ake azisaina m'kope Lachisanu lililonse. Azibwera kuofesi kwathu kamodzi pa masabata awiri ndi kopelo. Asapezekenso pa malo a pulu pamene ankacheza ndi anyamata akuluakulu amene anamuphunzitsa kumene mafoni amagulitsidwa. K45,000 ija anali atadya kale, ina pa pulu pomwepo, ndipo wokonza mafoni nkhani yake inali ina, ya wamkulu wolandira katundu wobedwa.

Pa sabata lachisanu kope linabwera lopanda siginecha, ndipo tsiku lotsatira loonekera sanabwere. Apa ndi pamene mabanja ambiri amataya nkhani yomwe inali itatha kale. Amachita mantha, amabisa mwana kapena kumutumiza kumudzi, ndipo kwa ife zimaoneka ngati wathawa. Lamulo silinena kuti mwana akaphonya kamodzi basi apite kukazengedwa. Amaitanidwa kuti afotokoze chifukwa, ndipo majisitireti akhoza kupitiriza zomwezo, kusintha zina, kapena ngati zaonekeratu kuti ndi mwano, kubweza fayilo kwa woimira boma kuti mlandu uyambe. Titapita kunyumba tinapeza kuti agogo aja anadwala, ndipo mnyamatayo ndiye ankayenda ndi beseni la mandasi m'mawa kuti K10,000 yachiwiri ipezeke. Kunena kwina, mfundo imodzi ya mgwirizano wathu inkaphwanya inzake. Tinabwerera kwa mayi wodandaula, anavomera kudikira mwezi wina, mwana anabwerera m'kalasi. Atamaliza tinalemba lipoti, fayilo inatsekedwa, ndipo mnyamatayo alibe mbiri yoti khoti linamupeza ndi mlandu.

Zimene tinasankhazo zinachokera pa mndandanda umene lamulo linapereka. Pali kupepesa pakamwa kapena polemba, chenjezo, kuyang'aniridwa ndi wa sosho, kukakamizidwa kupita kusukulu, kukhala pakhomo maola akutiakuti, kuletsedwa malo ena kapena anzake ena, uphungu, kuphunzira luso, kubweza katundu, ndi kugwira ntchito yothandiza dera popanda malipiro. Zonsezi zimakhala za miyezi yowerengeka, si za chaka ndi chaka. Mabungwe ena amayendetsa maphunziro a masabata angapo pamene ana opatutsidwa amakumana kuphunzira kudziletsa, kukana anzawo oipa ndi kulingalira zotsatira za zochita zawo, ndipo wa sosho ndiye angakuuzeni amene ali ndi malo panopa. Chimene ndimauza makolo n'chakuti musavomere mfundo imene mukudziwa kuti simungaikwanitse pongofuna kutuluka m'chipindamo. Ngati kuchoka ku Bangwe kupita kuofesi sabata iliyonse kukudyerani ndalama ya minibasi imene mulibe, nenani pomwepo, apeze njira ina, mwina kuonekera kwa wa chitetezo cha ana wa m'dera lanu. Ngati maola a ntchito yothandiza dera akugundana ndi sukulu, kanani, chifukwa lamulo lomwelo likuti dayiveshoni isasokoneze maphunziro a mwana.

Palinso zinthu zimene anthu amazitcha dayiveshoni koma si iyo. Kukwapula mwana kupolisi "kuti aphunzire" n'kumumasula si dayiveshoni, ngakhale kholo litapempha lokha, ndipo ena amapemphadi. Kumuyendetsa mumsika atanyamula chimene anaba si dayiveshoni. Kupereka ndalama m'manja mwa munthu popanda pepala, n'kuuzidwa kuti "zatha, zipitani", si dayiveshoni, ndipo fayilo yotero ikhoza kudzuka tsiku lililonse. Yeniyeni mumaizindikira ndi izi: pali pepala lolembedwa zimene mwana achite ndi tsiku lomalizira, pali dzina la munthu womuyang'anira, ndipo ndalama iliyonse ikupita kwa wodandaula, iye n'kusainira kuti walandira. Boma silikulipiritsani kanthu kuti mwana apatutsidwe. Sungani kope ya pepala lililonse, ndipo pomaliza pemphani chokutsimikizirani kuti nkhani yatsekedwa.

Mwina mukudzifunsa kuti nanga mwini shopu akakana. Maganizo ake amamvedwa ndipo amalemera, makamaka pa nkhani ya kubwezeredwa, koma mlandu ndi wa boma, ndipo woganiza zopatutsa ndi wapolisi wamkulu uja, woimira boma ndi majisitireti. Chimene chimafewetsa wodandaula kawirikawiri ndi kuona katundu wake ndi kuona kuti kumbuyo kwa mwanayo kuli munthu wamkulu. Koma musapite nokha kushopuko usiku ndi envulopu. Zikhoza kuoneka ngati mukusokoneza mboni, ndipo pali mlandu wa bambo uja umene mwini shopu akhalebe mboni yake. Kumanani naye kudzera kwa wapolisi wofufuza kapena wa sosho.

Za bambo ameneyu ndinenepo pang'ono, poti nkhani zotere ndimazidziwa mathero ake. Akuluakulu ena amayenda ndi ana dala, podziwa kuti mwana sapita kundende, ndipo akagwidwa amamunong'oneza kuti "iwe unene kuti unatenga ndiwe, sakuchita kanthu". Abale ake akhozanso kubwera kwa inu ndi mawu okoma, mwinanso ndi ndalama ya fizi. Musalole. Mwana akasenza mlandu wonse amakhala wanama kwa apolisi, wodandaula amaumitsa mtima, ndipo wamkuluyo amatuluka atadziwa kuti ali ndi mnyamata wogwiritsa ntchito ulendo wina. Ichi n'chifukwa chinanso cholimbikira kuti awiriwa asagone chipinda chimodzi. Dziwaninso kuti mwana wanu akhoza kudzaitanidwa ngati mboni pa mlandu wa bamboyo, ndipo zikatero muuze wa sosho ngati pali kuopsezedwa kulikonse.

Tsono akakana, chifukwa sanachitedi? Ndiye kuti dayiveshoni palibe, ndipo boma lisankhe kuutaya mlandu kapena kuutengera kubwalo la ana kuti likautsimikize ndi mboni. Njira imeneyi ndi yaitali, mudzayenda maulendo angapo, ena n'kungouzidwa kuti mubwerenso, ndipo masiku ena a sukulu adzaphonya. Koma podikira ayenera kukhala kunyumba, chifukwa kusunga mwana mlandu usanathe kumaloledwa pa zifukwa zochepa zokha, ndipo kukatero kumakhala kumalo osungira ana, osati kundende. Ali ndi ufulu wa loya. Ndipo ngakhale bwalo litapeza kuti anachita, pa mlandu woyamba wa foni imodzi, mwana wapasukulu wokhala ndi womulera wooneka, zimene zimatsatira kawirikawiri ndi kumasulidwa ndi chenjezo, kubweza katundu, kapena kuyang'aniridwa ndi wa sosho ali pakhomo. Ku Mpemba kapena ku Chilwa kumapita makamaka ana a milandu ikuluikulu, obwerezabwereza, kapena amene bwalo laona kuti kunyumba kulibe owagwira dzanja. Kumeneko satchula miyezi ngati kundende, komiti younika milandu ya ana, imene wapampando wake ndi jaji wa bwalo lalikulu, ndiyo imaona nthawi yoti mwana atuluke.

Lipoti la wa sosho limalemera kwambiri pa zonsezi, ndipo a sosho ndi ochepa, mafayilo ndi ambiri, galimoto nthawi zina palibe. Musadikire kuti akupezeni. Pitani nokha kuofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma la Blantyre, mutchule polisi imene mwana ali ndi nambala ya fayilo, musiye nambala yanu ya foni. Mutenge lipoti lake la kusukulu la teremu yatha, ngakhale atakhala kuti sanakhoze bwino, chifukwa chimene chikufunika ndi kuonetsa kuti ali pasukulu. Akakufunsani za khalidwe lake pakhomo, nenani zoona, kuphatikizapo ngati wayamba kufika usiku kapena ngati wasintha chimwalirireni mayi ake. Zimenezo sizimuipitsira mlandu, zimathandiza kuti pa mfundo zomupatsa pakhale uphungu m'malo mwa kusesa pamsika. Ngati alipo amalume ake kapena wina wa kuchimuna amene mwanayo amamumvera, mupite naye tsiku la kwa majisitireti, ndipo mukhale mutagwirizana kale kuti pa miyezi imeneyo azikasainitsa kope kusukulu ndani, nanga azimuperekeza kuofesi ndani.